Lusaka ndi Lilongwe wotchi imodzi, koma Songwe ola lathunthu: anazikonza bwanji?

Nachisale:
Moni nonse. Ine ndimaoda katundu, nthawi zina ku Lusaka, nthawi zina ku Mbeya. Chimene chimandizunguza mutu ndi ichi. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa tsiku lonse pa basi, koma wotchi siisintha ngakhale mphindi imodzi. Pomwe pa Songwe pamenepa ungowoloka mlatho wapansi, akuti onjezera ola. Dzuwa la ku Kyela ndi la ku Karonga ndi lomwelo, mthunzi wanga susintha ndikawoloka. Komanso ndaona kuti ku Lusaka kumachedwa kuda kusiyana ndi kwathu kuno, chikhalirecho nthawi ndi imodzi. Amene mukudziwa tandimasulireni.

Bambo a Tadala:
Mayi, zimenezo ndi za SADC. Mayiko a SADC anagwirizana kuti akhale ndi nthawi imodzi kuti malonda aziyenda bwino. Ine ndayendetsa thiraki zaka zambiri, Beira, Harare, Joni, Durban, Lubumbashi, konseko wotchi ya pamkono sindimaigwira. Ku Dar kokha.

Aphunzitsi Gondwe:
A bambo a Tadala, za malondazo mwalasa, koma za SADC ayi. Tanzania ndi membala wa SADC ndipo ali patsogolo pathu ndi ola. Angola nayenso ndi membala, ali kumbuyo kwathu ndi ola. Komanso bungweli ndi la dzulodzuloli, linayamba mu 1980, pomwe South Africa inakhazikitsa nthawi imene tikugwiritsa ntchitoyi mu 1903.

Tiyeni tiyambe ndi dzuwalo, poti mayi Nachisale aona bwino. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 24, ndipo kuzungulira konseko ndi madigiri 360. Mukagawa mupeza kuti pa ola limodzi limayenda madigiri 15, ndiye digiri imodzi ndi mphindi 4. Ndi masamu okhawo amene mukufunika. Mukapita kum'mawa digiri imodzi, dzuwa limafulumira ndi mphindi 4. Mukapita kumadzulo limachedwa ndi mphindi 4.

Lilongwe ili pafupifupi pa madigiri 33.8 kum'mawa kwa Greenwich, malo a ku London amene timayambira kuwerenga madigiriwa, Lusaka pa 28.3. Kusiyana kwake ndi madigiri 5.5. Chulukitsani ndi 4, mupeza mphindi 22. Ndiye mukamati ku Lusaka kumachedwa kuda, si maso anu ayi, dzuwa la kumeneko limatsalira ndi mphindi pafupifupi 22.

Tsono wotchi imene tonse tikuyendera, imene pa foni imalembedwa UTC+2, kutanthauza maola awiri patsogolo pa nthawi ya Greenwich, inatcheredwa pa dzuwa la mzere wa madigiri 30. Mzere umenewu sudutsa m'Malawi n'komwe, umadutsa kumadzulo kwathu, pakati pa Lusaka ndi Chipata, n'kutsika kudzera mu Zimbabwe mpaka ku KwaZulu-Natal. Amene ali pa mzerewo ndi amene dzuwa limawafika paliwombo 12 koloko ikakwana. Ife a ku Lilongwe limatifika cha m'ma 11:45, a ku Blantyre cha m'ma 11:40, a ku Lusaka cha m'ma 12:07. Tonse tinangovomera kunena kuti ndi 12 koloko pamodzi.

Nachisale:
Aphunzitsi, za mphindi 22 ndamva. Koma za Songwe simunandiyankhe. Mbeya ili kum'mawa kwathu ndi madigiri 15?

Aphunzitsi Gondwe:
Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imakomera. Mbeya ili pa madigiri 33.4, Karonga pa 33.9. Mbeya ili kumadzulo pang'ono kwa Karonga! Kutengera dzuwa, anthu a ku Karonga ndi amene amayamba kuliona. Koma Tanzania yonse imayendera wotchi ya mzere wa madigiri 45, umene uli kutali kum'mawa, sudutsa n'komwe m'dziko lawo. Choncho ku Mbeya dzuwa limafika paliwombo wotchi yawo ikuti 12:46, pomwe ku Karonga limafika paliwombo yathu ikuti 11:44 kapena kupitirira pang'ono. Ola limene mumaonjezera pa mlatho paja ndi la boma, dzuwa sililidziwa.

Ndikupatseni china. Kampala, Chipata ndi Maputo zili pa mzere umodzi, pafupifupi madigiri 32.6. Koma Kampala ili patsogolo pa ziwiri zinazo ndi ola.

Mada wa mafoni:
Ikakhala nkhani ya Songwe ine ndili nayo ya ku benchi kwanga. Anthu ochokera ku boda amabwera akuti foni yawonongeka, alamu ikulira ola lisanakwane. Foniyo imakhala ilibe vuto. Imakhala yagwira netiweki ya ku Tanzania munthu ali tsidya lino, n'kudumphira yokha pa nthawi yawo. Mankhwala ake ndi kuzimitsa zoti izitenga yokha chigawo cha nthawi, n'kusankha nokha. Pa mndandanda mupeza Blantyre, kapena Maputo, Harare, Lusaka, zonsezo ndi chimodzimodzi. Chimene musachite ndi kubweza maola ndi manja foni ikadali pa chigawo cha Tanzania. Pa nkhope izioneka bwino, koma m'kati imakhala yaphonya ndi ola, ndiye mauthenga amayamba kusokonekera ndondomeko ndipo mapulogalamu ena amakana kutseguka.

Achimwene a ku Leeds:
Koma ine ndimaona ngati Malawi amasinthanso nthawi. Ndikamaimbira amayi ku Dedza, miyezi ina timasiyana ola limodzi, miyezi ina maola awiri. Ndiye musanene kuti wotchi ya kumudzi siigwedezeka.

Mada wa mafoni:
Achimwene, akugwedezeka ndinu kumeneko. UK imakankhira wotchi patsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kuibweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Pakati pamenepo ndi pamene mumasiyana ndi amayi ola limodzi. A ku Dedza ali pomwepo chaka chonse.

Achimwene a ku Leeds:
Chabwino, koma poimba foni zimandivuta chimodzimodzi.

Bambo a Tadala:
Aphunzitsi, mwandikana za SADC, ndavomera. Nanga anatigwirizanitsa ndani? Poti sizingangochitika mwangozi kuti kuchokera ku Kepi mpaka ku Nacala wotchi ikhale imodzi.

Aphunzitsi Gondwe:
Palibe msonkhano umodzi umene unalamula mayiko onse. Wa ku Washington mu 1884 unangogwirizana kuti madigiri tiziyambira kuwerenga pa Greenwich. Za nthawi ya m'dziko, boma lililonse limasankha lokha mpaka lero.

Chimene chinakakamiza maboma ndi njanji ndi lamya. Kale tauni iliyonse inkatchera wotchi pa dzuwa lake, ndipo sizinkavuta chifukwa woyenda pa ngolo sangazindikire mphindi 10 zimene wataya m'masiku atatu. Koma taganizani njanji imodzi yokha, sitima ziwiri zikuyang'anizana, zikuyenera kupatukirana pa siteshoni ina ya pakati. Ngati wotchi ya siteshoni iyi ikusiyana ndi ya siteshoni iyo ndi mphindi 15, pamenepo pakhoza kugwa maliro. N'chifukwa chake ku South Africa nkhaniyi inayambira ku njanji. Mu 1892 Cape Colony, Orange Free State ndi Transvaal anagwirizana nthawi imodzi, ola ndi theka patsogolo pa Greenwich, ndipo mu 1903 anasamukira pa maola awiri.

Tsono onani kumene njanji za chigawo chathu zinkaloza. Ya ku Rhodesia inachokera kumwera, kudzera ku Bulawayo, kuwoloka Zambezi pa Victoria Falls mu 1905, kupitirira mpaka ku migodi ya mkuwa ndi ku Katanga. Ina inatsikira ku doko la Beira. Ya Nyasaland nayo inalunjika ku Beira komweko, ndipo mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935 sitima inkayenda osaduka. Azigogo athu opita ku Theba ndi ku Halale ankatsata njira zomwezo. Katundu, makalata, ndalama ndi anthu, zonse zinkayenda pakati pa Joni, Salisbury, Beira ndi Blantyre. Mayiko omangidwa pamodzi chonchi alibe chifukwa chosiyanira wotchi, makamaka pamene mzere wa madigiri 30 ukudutsa pakati pawo penipeni.

Tanganyika inali mbali ina. Njanji yake inkachoka ku Dar es Salaam kupita ku Kigoma, ndipo italowa m'manja mwa Angerezi inamangidwa pamodzi ndi Kenya ndi Uganda, mpaka mu 1948 njanji ndi madoko awo zinakhala pansi pa bungwe limodzi. Njanji ya TAZARA yoilumikiza ndi Zambia inabwera mochedwa, m'ma 1970, wotchi zitakhazikika kalekale. Mmene ndimaonera ine, malire a nthawi anagwera pa Songwe ndi pa Nakonde chifukwa pa nthawi imeneyo ndi pamene panalibe zambiri zowoloka.

Umboni wina ndi Congo. Dziko limodzi, koma Kinshasa ili kumbuyo kwathu ndi ola, pomwe Lubumbashi ili ndi ife. N'chifukwa chake a bambo a Tadala simugwira wotchi pa Kasumbalesa.

Chimwemwe ku Kepi:
Ine ndikuwonjezereni mtengo wake wa zimenezi, poti ndikuulipira ndine. Kuno ku Cape Town mu Juni 7 koloko m'mawa kumakhala kuli mdima wa bii, dzuwa limatuluka 8 koloko itayandikira. Ndimakwera takisi yopita ku ntchito magetsi a mumsewu akuyaka, ndikaimbira mlongo wanga ku Zomba akuti ana afika kale ku sukulu dzuwa likuswa mtengo. Mu Disembala zimatembenuka, mpaka 8 koloko usiku kukadali kowala. Ndiye nditawerenga za aphunzitsi ndaona kuti zonsezi n'chifukwa tili kumadzulo kwambiri.

Aphunzitsi Gondwe:
Chimwemwe, theka lokha. Cape Town ili pa madigiri 18.4, ndiye dzuwa lanu limafika paliwombo cha m'ma 12:46. Zimenezo zimakankhira tsiku lanu lonse mochedwa, kutuluka kwa dzuwa ndi kulowa komwe, chaka chonse. Koma zoti mu Juni masana amafupika ndipo mu Disembala amatalika kwambiri, chimenecho ndi chifukwa muli kumwera kwambiri, kutali ndi pakati pa dziko. Kwanuko masana amayambira maola pafupifupi 10 mpaka kupitirira 14. Kwathu kuno amangosewera pakati pa maola 11 ndi 13. Mukafuna kusiyanitsa ziwirizi, musayang'ane kutuluka kwa dzuwa kokha. Tengani nthawi imene latuluka ndi imene lalowa, pezani pakati pake. Pakati pamenepo ndi pamene pamakuuzani kuti muli kum'mawa kapena kumadzulo kwa mzere wa wotchi yanu.

Che Jafali:
Salamu kwa nonse. Ife Asilamu zimenezi timakumana nazo chaka chilichonse pa Ramadani. Wotchi ya Malawi ndi imodzi, koma ndandanda ya swala ya ku Mangochi sungaitengere ku Mchinji. Mphwanga anapita kukagwira ntchito kumeneko, akumasula swaumu potsata pepala la kwathu, anzake a ku mzikiti akumudabwa kuti bwanji ukudya dzuwa likuoneka. Kwathu Magharibi amafulumira ndi mphindi pafupifupi 10. Anzathu a Sabata nawonso ndikhulupirira amadziwa, poti Lachisanu amayang'ana kulowa kwa dzuwa osati wailesi.

Aphunzitsi Gondwe:
Masamu akugwirizana nanu, Che Jafali. Mangochi ili pa 35.3, Mchinji pa 32.9, kusiyana madigiri 2.4, mphindi 9 kapena 10. Miyezi ina zimasuntha pang'ono chifukwa Mangochi ili chakumwera kuposa Mchinji.

Nachisale:
Ndiye ine ndikazika ndodo pabwalo pano ku Area 25, mthunzi ufupikitsitsa 11:45? Ndikufuna ndiwaonetse ana.

Aphunzitsi Gondwe:
Yesani, koma musadzanditche wabodza zikasiyana. 11:45 ija ndi ya pakatikati pa chaka chonse. Dzuwa silisunga nthawi ndendende ngati wotchi, chifukwa dziko ndi lopendekeka ndipo njira yake yozungulira dzuwa si yozungulira bwinobwino. Kumayambiriro kwa Novembala limafulumira ndi mphindi pafupifupi 16, ndiye mthunzi wanu ufupikitsitsa cha m'ma 11:29. Pakati pa Febuluwale limachedwa ndi mphindi 14, mupeza cha m'ma 11:59. Pakati pa Epulo kapena pakati pa Juni ndi pamene mungapeze 11:45 yeniyeni, ndipo Juni ndiye wabwino chifukwa mthunzi umakhala wautali, wosavuta kuuona. Mu Novembala ndi Febuluwale dzuwa limadutsa pafupifupi pamutu penipeni, mthunzi umangotsala kachidutswa.

Chinyengo china: pafupi ndi paliwombo mthunzi umasintha pang'onopang'ono, simungadziwe mphindi yake ndi maso. Ikani kamwala pa nsonga ya mthunzi cha m'ma 10 koloko, lembani nthawi, yezani kutalika kwake ndi chingwe. Masana dikirani mpaka mthunzi utalikenso kufika muyeso womwewo, lembaninso nthawi. Pakati pa nthawi ziwirizo ndiye yankho lanu. Ndodo ikhale yowongoka ndipo pabwalo pakhale posalaza.

Bambo a Tadala:
Tsono ngati zili choncho a ku Nacala ndi amene anaponderezedwa. Kumene kuja hafu 4 m'mawa kumakhala kutayamba kale kuyera, ndipo nthawi yozizira 5 koloko madzulo dzuwa lapita. Ndinkangoti ndi mmene kulili kunyanja.

Aphunzitsi Gondwe:
Ndi zomwezi. Nacala ndi Pemba ya ku Mozambique zili kupitirira madigiri 40, ndiye paliwombo pawo ndi cha m'ma 11:18. Dzuwa lawo likanagwirizana bwino ndi wotchi ya Tanzania. Taonani zodabwitsa: Pemba ili kum'mawa kwa Dar es Salaam, koma wotchi yake ili kumbuyo kwa ya Dar ndi ola. Likulu, Maputo, lili kumwera pa 32.6, pakhomo pa South Africa, ndipo dziko lonselo limayendera wotchi imodzi. Mukatenga Pemba ndi Windhoek, imene ili pa 17.1, dzuwa lawo limasiyana kupitirira ola ndi theka, wotchi ili imodzi.

Chimwemwe ku Kepi:
Koma Namibia inali ndi nthawi yakeyake. Ndikukumbuka mnzanga wa ku Oshakati ankanena zosintha wotchi nthawi yozizira.

Aphunzitsi Gondwe:
Eya, ndipo nkhani ya Namibia ndi imene imayankha funso la mayi Nachisale bwino koposa, poti ndi ya posachedwa. Kuyambira mu 1994 iwo ankabweza wotchi ola limodzi kuyambira Epulo mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Chifukwa chimodzi chachikulu chinali ana a sukulu, kuti asamayende mu mdima m'mawa monga akudandaulira Chimwemwe. Kutengera dzuwa, nthawi yobwezedwayo ndiyo inali yowayenera. Koma mu 2017 anaithetsa, n'kukhala pa wotchi ya South Africa chaka chonse.

Ola limodzi limaoneka laling'ono, koma tawerengani. Tinene kuti ofesi ya ku Joni ndi ya ku Windhoek zonse zimatsegula 8 koloko, nkhomaliro 1 koloko mpaka 2 koloko, kuweruka 5 koloko. Tiwerengere pa wotchi ya ku Joni. Kuyambira 8 mpaka 9, wa ku Windhoek sanafike. Kuyambira 1 mpaka 2, wa ku Joni akudya. Akabwerako, 2 mpaka 3, wa ku Windhoek ndi amene wapita kukadya. 5 mpaka 6, wa ku Joni waweruka. Ndiye pa tsiku pali maola anayi pamene mmodzi ali pa desiki mnzake palibe, ndipo pa maola 8 a ntchito amakumana 6 okha. Kwa dziko limene katundu wake wambiri amachokera ku South Africa, ndipo ndalama yake inamangirizidwa ku randi, zimenezo si zocheza. Chigawo cha Zambezi, kujaku ku Katima Mulilo, chinali chisanasinthe n'komwe zaka zonsezo, chinkangoyendera limodzi ndi Zambia ndi Botswana zimene zachizungulira.

Mada wa mafoni:
Aphunzitsi, ndikutsutseni pang'ono. Ngati malonda ndi amene amalamula, bwanji Rwanda ndi Burundi ali ndi ife pa UTC+2? Katundu wawo amadzera ku Dar ndi ku Mombasa, ali m'bungwe limodzi ndi Kenya ndi Tanzania, koma sanasunthe wotchi.

Aphunzitsi Gondwe:
Funso labwino, Mada. Awiriwo ali pa madigiri 30 enieni, wotchi yawo ndi dzuwa lawo zikugwirizana bwino lomwe, ndipo nthawi ya atsamunda anali m'manja mwa Belgium pamodzi ndi Congo, osati ndi Kenya. Akanasamukira ku wotchi ya Kenya paliwombo pawo pakanakhala 1 koloko. Ndiye malonda amakoka, koma dzuwa ndi chizolowezi zimakokanso, ndipo boma silisintha wotchi pokhapokha phindu likuonekeratu.

Mada wa mafoni:
Koma Kigoma ili pa mzere womwewo ndi Bujumbura, pa nyanja imodzi, ndipo iwo akukhala ndi paliwombo pa 1 koloko osafa. Ndiye dzuwa silingakhale chifukwa chokwanira.

Bambo a Tadala:
Ine ndikuti Malawi asamukire ku nthawi ya Tanzania. Mafuta ambiri tikutengera ku Dar masiku ano. Komanso madzulo tizikhala ndi kuwala, munthu uziweruka 5 koloko n'kukapalira kadimba, mpira uzitha bwinobwino. Panopa mu Juni hafu 5 dzuwa lalowa, pomwe mu Novembala 5 koloko m'mawa kwacha kale anthu a m'tauni ali m'tulo. Kuwala kumeneko kukungotayika.

Nachisale:
Iii a bambo a Tadala, kukutayika kwa ndani? Ife 5 koloko imeneyo tili kale pa msika, a kumudzi ali kumunda. Ndipo mu Juni mwana wanga wa Sitandade 2 azinyamuka kuli mdima ndi chisanu chija? Mukatero pa Mchinji, pa Dedza ndi pa Mwanza ponse pakhala ngati pa Songwe. Mundichotsera vuto pa boda imodzi n'kundiikira pa zitatu.

Aphunzitsi Gondwe:
Tikanasamuka, ku Lilongwe paliwombo pakanakhala 12:45, ngati ku Mbeya, ndipo mu Juni dzuwa likanamatuluka itangopitirira 7 koloko. A ku Mbeya akukhala nazo, ndiye n'zotheka. Ine sindikanavotera, chifukwa Malawi yense ali mkati mwa madigiri oyenera wotchi imene tili nayoyi, ndipo anansi athu awiri mwa atatu ali pomwepo. Wofuna kuwala madzulo angosintha nthawi yolowera ndi yowerukira ntchito, wotchi n'kuisiya.

Bambo a Tadala:
Kusintha nthawi yowerukira mukauze abwana anga, aphunzitsi. Ine ndikadali pa mfundo yanga.

Che Jafali:
Kaya musuntha kaya ayi, mutiuze msanga tisanasindikize ndandanda ya chaka chamawa.